CHIPONDAMTHENGO CHA MTOLANKHANI

Munthu akadwala napita kwa sing'anga, pamakhala kandalama kamene amapereka mankhwala asanakumbidwe. Kandalamako kamatchedwa chipondamthengo, pakuti sing'anga ayenera kuloŵa m'thengo, kuponda minga ndi mame, kuti akapeze mizu. Palibe amene amaona cholakwa pa mwambo umenewu, chifukwa wopereka ndalamayo ndi wodwala yemweyo amene sing'anga akumutumikira. Koma liwu lomweli lidaloŵanso m'ntchito ya utolankhani m'Malaŵi muno, ndipo kumeneko limatanthauza ndalama imene mtolankhani amalandira kwa munthu kapena bungwe limene iye wapita kukalembako nkhani. Apa zinthu zatembenuka. Amene mtolankhani akuwatumikira ndi omvera wailesi ndi oŵerenga nyuzipepala, pamene wopereka chipondamthengo ndi munthu wina, yemwe kaŵirikaŵiri ali ndi chake chimene akufuna kuti chimveke, ndiponso china chimene akufuna kuti chisamveke.

Mchitidwewu udaonekera poyera chakumapeto kwa chaka cha 2014, pamene Pulezidenti Peter Mutharika adaitana atolankhani ku nyumba yachifumu ya Sanjika ku Blantyre. Pobalalika, atolankhaniwo adapatsidwa maenivelopu, ndipo m'kati mwake mudali K50,000, ndalama yomwe pa nthaŵiyo inkafanana ndi madola pafupifupi 100 a ku Amereka. Nkhaniyi idautsa mtsutso waukulu. Ena adabweza ndalamayo, ena adakaipereka kwa osoŵa, ndipo ena adasunga, nati idali mphatso chabe yochokera kwa mtsogoleri wa dziko. Anthu adakamba za Sanjika chifukwa woperekayo adali wamkulu ndipo olandira adali ambiri. Komatu chipondamthengo chimene chimaononga nkhani tsiku ndi tsiku nchaching'ono, ndipo chimaperekedwa mwakachetechete m'misika ndi m'midzi, kumene palibe wochilemba.

Chitsanzo choyerekeza chikhoza kusonyeza m'mene zimayendera. Ndi mwezi wa Meyi, alimi a ku Nsaru akolola soya ndi mtedza, ndipo wamalonda wina watsekula malo ogulirapo mbewu. Pofuna kuti dzina lake limveke, waitana atolankhani ochokera mu mzinda wa Lilongwe. Wawatumizira galimoto m'mamaŵa, wawagulira chakudya chamasana, ndipo mwambo utatha mlembi wake watulutsa pepala loti aliyense alembepo dzina nkusaina. Pamwamba pa pepalalo palembedwa kuti ndalamayo ndi yoyendera, chonsecho atolankhaniwo abwera pa galimoto ya wamalonda yemweyo ndipo abwerera pa yomweyo.

Mwambo uli m'kati, mtolankhani mmodzi wamva mayi wina akudandaula kuseri kwa mulu wa matumba. Mayiyo akuti thumba lake adaliyeza kumudzi nkukwana makilogalamu 50, koma pa sikelo ya pano latuluka 47. Kusiyanako kukuoneka kochepa, koma mlimi wobweretsa matumba 20 ndiye kuti wataya makilogalamu 60, kuposa thumba lathunthu, ndipo pa tsiku la msika alimi otere amabwera ambiri. Nkhani yeniyeni ya tsikulo ndi imeneyi. Mtolankhani womasuka akadatenga thumba limodzi nkukaliyeza pa sikelo ina anthu akuona. Akadayang'ana ngati sikeloyo ili ndi chidindo cha bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards, lomwe lili ndi udindo woyesa masikelo a amalonda. Akadafunsa mlangizi wa zaulimi ngati madandaulo otere adamfikapo kale, akadayerekeza mtengo wa pamalopo ndi mtengo woyambira umene unduna wa zamalimidwe umalengeza chaka ndi chaka, ndipo potsiriza akadapita kwa mwini malondawo kuti ayankhepo, popeza nkutheka kuti yolakwa ndi sikelo ya kumudzi ija.

Koma enivelopu ili m'thumba, ndipo galimoto yobwererera ndi ya munthu amene ayenera kufunsidwayo. Mtolankhaniyo sanama ayi. Madzulo alemba kuti msika watsekulidwa, kuti wamalondayo walonjeza kugula mbewu yambiri, ndi kuti mfumu ya m'deralo yathokoza. Zonsezi nzoona. Chimene chasoŵa ndi mayi uja ndi makilogalamu ake atatu. Umu ndi m'mene chipondamthengo chimagwirira ntchito nthaŵi zambiri: sichiuza mtolankhani kuti alembe bodza, chimangomuchotsera funso limodzi pakamwa. Mkonzi wa nkhani amene ali mu ofesi sangadziŵe kuti china chatsala, ndipo womvera wa ku Kabudula, amene akukonzeka kukweza matumba ake pa ngolo kupita ku msika womwewo, wamva zokoma zokhazokha.

Akuluakulu adati kupatsa nkuika. Patapita milungu ingapo alimi atopa, ndipo pabuka phokoso pa malo ogulira mbewu aja. Wamalonda aimbira lamya mtolankhani uja. Sakumuopseza, akulankhula ngati mbale: "Achimwene, nkhani mwamvayo musathamange nayo, tidzakambirana. Pajatu ife ndi inu ndife amodzi." Tsopano mtolankhani ali pa mpanipani. Akaiulutsa nkhaniyo, pali pepala lija lokhala ndi dzina lake ndi siginecha yake, lomwe likhoza kuonetsedwa kwa abwana ake. Akaisiya, ndiye kuti wadziŵika mtengo wake, ndipo chaka chamaŵa adzaitanidwanso.

Kungakhale kusaona bwino kumuika mlandu wonse mtolankhaniyo. Ambiri mwa amene amatola nkhani za kumidzi ndi anyamata ndi atsikana olipidwa pang'ono, ena amalipidwa pa nkhani iliyonse imene yatuluka, ndipo ena amakhala miyezi osalandira kanthu. Kuchokera mu mzinda kukafika ku Nambuma kapena ku Kabudula pamafunika ndalama ya basi ndi ya kabaza, makamaka nthaŵi ya dzinja pamene miseu yafumbi yaterera. Mkonzi amene amatuma mtolankhani ulendo wotere chimanjamanja, namuuza kuti akaona konko, ndiye woyamba kumugulitsa. Zotsatira zake zimaoneka ngakhale pa nkhani zimene zilibe chinyengo chilichonse. Atolankhani amapita kumene kuli galimoto ndi enivelopu: kumsonkhano wa bungwe, kumwambo wopereka mjigo, kumene kwafika phungu. Mudzi umene mlatho wake udakokoloka, koma mulibe woitana atolankhani, umakhala chaka chonse osatchulidwa pa wailesi.

Nkhani ya mphatso ndi yovutirapo, pakuti imakhudza ulemu. Mtolankhani akafika pakhomo pa agogo ku Nambuma kukajambula nthano kapena mbiri ya mudzi, nampatsa nkhuku kapena lichero la mtedza, kukana kumakhala chipongwe, ndipo agogowo alibe chimene akugula. Koma mbuzi yochokera kwa mfumu imene ili pa mkangano wa malo ndi mfumu inzake, yoperekedwa kwa mtolankhani amene wabwera kudzafufuza mkangano womwewo, ndi chinthu china ngakhale iperekedwe ndi manja aŵiri. Atolankhani odziŵa ntchito amayang'ana ngati woperekayo ali ndi mbali pa nkhani imene ikulembedwa, ndipo amadzifunsa ngati angathe kutchula mphatsoyo pa wailesi, pakati pa nkhani yomweyo, popanda kuchita manyazi. Nkhuku ya agogo ikhoza kutchulidwa ndipo omvera angoseka. Mbuzi ya mfumu ija singatchulidwe.

Palinso msampha wina umene sufuna enivelopu konse, ndiwo wa mtolankhani amene iye mwini ali ndi phindu kapena ubale pa nkhani imene akulemba. Kuyambira mu 2005, pamene boma lidayamba ndondomeko ya makuponi a feteleza wotsika mtengo, yomwe mu 2020 idaloŵedwa m'malo ndi ina yotchedwa AIP, madandaulo a kalembera wa maina akhala akumveka m'maboma ambiri. Tsono mtolankhani wobadwira kwa Kabudula akamva kuti m'mudzi wina maina a amasiye adachotsedwa, nkupeza kuti nyakwaŵa ya mudziwo ndi atsibweni ake, amene adamulipirira sukulu, ayenera kudziŵa kuti nkhaniyo si yake. Chimodzimodzinso mtolankhani amene ali ndi munda wa fodya ku Mpingu kapena ku Namitete, wolima pa mgwirizano ndi kampani imene idamukongoza feteleza ndi mbewu: iyeyo sangakaime ku okushoni ku Kanengo nkumafotokoza mosakondera za mitengo ya kampani imene ili ndi ngongole yake m'mabuku. Enanso amalembedwa ganyu Loŵeruka kukhala oyendetsa mwambo pa msonkhano wa wandale, Lolemba nkudzaŵerenga nkhani ya msonkhano womwewo.

Kulima fodya si mlandu, ndipo palibe munthu amene amasankha atsibweni ake. Cholakwa chimayamba pamene mtolankhani wabisa. Njira yake njapafupi, ngakhale imafuna kulimba mtima: apite kwa mkonzi nkunena kuti, "Bwana, nkhani iyi ikukhudza atsibweni anga, tumani wina." Mkonzi atume mtolankhani wochokera kwina, ndipo mwini ubaleyo asaione nkhaniyo kufikira itatuluka. Potero amatetezeka ngakhale kwa abale ake, pakuti akafika kumudzi pa maliro anganene moona kuti sadailembe ndi iye. Malamulo a ntchito amene bungwe la Media Council of Malawi lidakhazikitsa amaletsa kulandira ziphuphu ndi mphatso zimene zingapotoze nkhani, ndipo munthu amene waona kuti walakwiridwa ndi nyumba youlutsa mawu kapena nyuzipepala akhoza kukadandaula ku bungwelo. Pamwamba pa apo pali lamulo lothana ndi ziphuphu la mu 1995, lomwe lidabala bungwe la Anti-Corruption Bureau, ndipo lamulolo limagwira wopereka pamodzi ndi wolandira.

Womvera nayenso ali ndi makutu. Pulogalamu imene yalipiridwa moona imanena poyera, kumayambiriro ndi kumapeto, kuti yabwera ndi chithandizo cha akutiakuti, ndipo womvera amadziŵa kuti akumva malonda. Nkhani yogulidwa mobisa imavala malaya a nyuzi, koma ili ndi zizindikiro zake. Mumalankhula munthu mmodzi kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, dzina la bungwe kapena la wamalonda limabwerezedwa kangapo, ndipo mlimi akapatsidwa mpata ndi wongothokoza, kaŵirikaŵiri wosankhidwa ndi eni mwambowo. Simumveka mtengo wa kilogalamu, simumveka tsiku limene alimi adzalandire ndalama zawo, ndipo palibe funso limene woyankha adachita nalo chibwibwi. Nthaŵi zina nkhani yomweyo imamveka pa mawailesi atatu tsiku limodzi ndi mawu ofanana ndendende, chifukwa onse adakwera galimoto imodzi nalandira pepala limodzi lolembedwa kale ndi mlembi wa woitanayo.