Chizindikiro cha Mawanga a Nkhanga



Lero tiphunzira kuwerenga chinthu chimene sichili ndi zilembo. Ambiri a ife tachiona. Ndi kabokosi ka ngodya zinayi, kodzaza timadontho takuda ndi toyera, konga mawanga a nkhanga. Timakaona pa mapepala, pa mapaketi a katundu, ndiponso pa galasi la kompyuta. Dzina lake ndi chizindikiro cha QR.

Chizindikirochi chinapangidwa ku Japani m'chaka cha 1994. Anachipanga anthu a kampani ya Denso Wave, motsogozedwa ndi Masahiro Hara, kuti azitsata nacho zipangizo za galimoto m'fakitale. Mukachiyang'anitsitsa muona timabokosi titatu tokulirapo m'ngodya zitatu. Timeneti timathandiza foni kudziwa kumutu ndi kumiyendo, ngakhale mutaigwira chopendeka. Timadontho tapakatito ndi mawu obisika. Maso athu sangawawerenge, koma kamera ya foni imawawerenga nthawi yomweyo.

Apa ndiye pali nkhani yathu. Kalata timayamba taiwerenga tisanasaine. Koma chizindikirochi foni imachiwerenga ife tisakudziwa chimene chalembedwamo. Choncho tiyenera kudziwa ntchito yake tisanaloze kamera.

Chizindikirochi chili ndi ntchito zambiri. Pena chimalowetsa foni pa intaneti ya m'nyumba kapena ya m'ofesi. Pena chimathandiza kulipira: foni imaonetsa dzina la wolandira ndalama, ndipo ife tiyenera kuliwerenga tisanalembe nambala yathu yachinsinsi. Koma lero tikhazikika pa ntchito imodzi, imene ingatipweteke mwakachetechete. Imeneyi ndi yolumikiza WhatsApp yathu ku kompyuta.

Tiyerekeze chonchi. Mayi wina wa ku Angoniya ali ndi mwana wogwira ntchito ku Tete. Mwanayo watumiza pa WhatsApp chithunzi cha kalata yofunika kusukulu kwa mng'ono wake. Asukulu akufuna kalatayo pa pepala. Mayi uja akwera njinga, apita ku Ulongwe, alowa m'sitolo yosindikiza mapepala. Mnyamata wa m'sitolomo anena kuti, "Mayi, bweretsani foni, tiilumikize ku kompyuta kuti titulutse kalatayo."

Tiyeni titsate bwino zimene mnyamatayo achita.

Choyamba, pa kompyuta atsegula tsamba lotchedwa web.whatsapp.com. Njira imeneyi inayamba m'chaka cha 2015. Pa galasi la kompyuta patuluka chizindikiro chija cha mawanga a nkhanga.

Chachiwiri, pa foni atsegula WhatsApp, nakhudza timadontho titatu tili pamwamba kudzanja lamanja. Patuluka mndandanda wa mawu. Ngati foni ili m'Chipwitikizi, asankha Dispositivos associados, kapena m'mafoni ena Dispositivos conectados. Ngati ili m'Chingerezi, asankha Linked devices. Tanthauzo lake ndi limodzi: zipangizo zolumikizidwa.

Chachitatu, akhudza batani lolumikizira chipangizo chatsopano. Ngati foni ili ndi loko, ipempha chala cha mwini wake kapena nambala yotsegulira. Apa mnyamata anena kuti, "Mayi, ikani chala." Mayi aika chala.

Chachinayi, kamera itseguka, ndipo ailoza pa chizindikiro chili pa kompyuta. Posakhalitsa mayina a anthu ndi mauthenga a mayi uja aoneka pa galasi lalikulu. Mnyamata apeza kalata, aisindikiza. Mayi alipira, atenga pepala ndi foni yawo, ulendo wa kumudzi.

Tsopano ndikufunseni, anzanga. Kodi mayiwa achoka ndi zonse zimene anabwera nazo?

Foni ali nayo. Pepala ali nalo. Koma asiya khomo lotsegula. Kulumikiza kuja kuli ngati kusulitsa kiyi wachiwiri wa nyumba yanu ndi kumsiya m'sitolo. Kompyuta ija ipitiriza kulandira mauthenga awo, ngakhale iwo ali kumunda, ngakhale foni yazima chifukwa batire latha. Aliyense wokhala pa kompyuta imeneyo angathe kuwerenga zimene mwana akulemba kuchokera ku Tete. Angathe kumvera mawu ojambulidwa. Angathe kuona zithunzi. Choopsa kwambiri n'chakuti angathe kulemba uthenga, ndipo wolandirayo adzaona dzina la mayi uja.

Taganizani munthu wa mtima woipa alembe kuti, "Mwanangu, ndadwala. Tumiza ndalama pa nambala iyi, yanga sikugwira ntchito." Mwanayo akayike bwanji? Uthenga wachokera kwa mayi ake, m'munsi mwa nkhani zimene anakambirana dzulo. Atumiza ndalama za thukuta lake kwa munthu wachilendo.

Sindikunena kuti anyamata a m'masitolo ndi akuba, ayi. Ambiri amangofuna kutithandiza msanga. Koma kompyuta ya m'sitolo imagwiridwa ndi anthu ambiri, ndipo wothandizayo angathe kuiwala kutseka.

Nanga titseka bwanji? Ntchitoyi ndi yathu, ndipo tingaichite pa foni yathu, ngakhale titafika kale kumudzi, bola foni ikhale ndi intaneti. Tibwerere pamalo pomwe paja: timadontho titatu, kenaka Dispositivos associados. Pamenepo foni imaonetsa mndandanda wa zipangizo zonse zimene zili ndi kiyi wathu. Mwina tiona mawu onga Google Chrome (Windows), ndipo m'munsi mwake tsiku ndi nthawi imene chipangizocho chinagwira ntchito komaliza. Tikhudze dzinalo. Patuluka mawu akuti Terminar sessão, kapena Desconectar, kapena Log out. Tikhudze pamenepo. Dzina lija likachoka pa mndandanda, khomo latsekedwa.

Tiziwerenga tsikulo mosamala. Ngati tinapita ku sitolo Lolemba, koma foni ikuti kompyuta inagwira ntchito Lachinayi, ndiye kuti wina anatsegula ife kulibe. Palinso zina zotichenjeza. Tikaona uthenga umene sitinalembe, kapena uthenga watsopano woonetsa kuti watsegulidwa kale ife tisanauone, tithamangire ku mndandanda uja.

Tisadalire kuti khomo lidzatsekeka lokha. Zoona, WhatsApp imachotsa zipangizo zolumikizidwa ngati mwini wake sanaigwiritse ntchito pa foni kwa masiku oposa 14. Koma ife timaitsegula kawirikawiri, choncho masiku amenewo sakwana. Ndiponso WhatsApp imalola zipangizo 4 pa nambala imodzi, kuwonjezera pa foni yathu. Amene analumikiza m'sitolo ya ku Ulongwe, ndi kwa mnzake, ndi ku ofesi ina, angakhale ndi makomo atatu otsegula iye osadziwa.

Tidziwenso malire a kutsekako. Kutseka kumaletsa kuwerenga za mawa, koma sikubweza zimene munthu anawerenga dzulo. Kalata imene mnyamata anaitsitsira m'kompyuta kuti aisindikize imatsala momwemo. Ngati ndi chithunzi cha chiphaso chathu, timupemphe achifufute ife tikuona. Ndipo ngati tinalembapo nambala yachinsinsi ya ndalama zathu m'mauthenga, tiisinthe tsiku lomwelo. Kompyuta yolumikizidwa siingatsegule thumba lathu la ndalama la m'foni, koma imaonetsa chilichonse chimene tinalemba m'macheza.

Pali njira ina yabwino kuposa zonsezi. Pofuna kusindikiza kalata imodzi, palibe chifukwa cholumikizira foni. Tifunse nambala ya sitoloyo, titumize kalata yokhayo pa nambala imeneyo, iwo asindikize. Munthu akapempha mchere timamupatsira pakhomo, sitimupatsa kiyi wa nyumba yonse.

Tsopano mvetserani chinthu chimodzi chimene ambiri amasokoneza. Ena amaganiza kuti woloza kamera ndiye akulandira. Pa nkhani iyi si choncho. Woloza kamera ndiye akupereka. Chizindikiro ndi cha kompyuta imene ikupempha kulowa, ndipo foni yathu ikachiwerenga ndiye kuti yavomera. Chifukwa chake, munthu akakuonetsani chizindikiro pa kompyuta kapena pa foni yake, n'kunena kuti, "Lozani apa ndi WhatsApp yanu kuti mulowe m'gulu la olandira feteleza," kapena kuti mupate mphoto, imani kaye. Onani pamene akukutsogolerani. Ngati akukutengerani ku Dispositivos associados, kumeneko kulibe gulu, kulibe mphoto. Kumeneko n'kosulira kiyi basi.

Achinyengo ena satumiza chizindikiro. WhatsApp ili ndi njira yachiwiri yolumikizira, ya zilembo ndi manambala okwana 8, amene kompyuta imaonetsa ndipo mwini foni amawalemba m'foni mwake. Munthu akakutumizirani zilembo zotere n'kukuuzani kuti muzilembe m'WhatsApp, dziwani kuti akupempha kiyi yemwe uja. Kanani. Ngati simukumvetsa, funsani mnzanu wodalirika musanakhudze kanthu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Mwina wina afuna kulumikiza ku kompyuta yake, kapena ya mwana wake, ndipo zikukanika. Kawirikawiri chifukwa chake n'chaching'ono. Chizindikiro cha pa kompyuta sichikhalitsa. Chimasinthasintha chokha, ndipo mukachedwa kwambiri kompyuta imapempha kuti mukhudze kuti patuluke chatsopano. Galasi la kamera likakhala ndi fumbi kapena mafuta, lipukuteni ndi nsalu yofewa. Imikani foni patali pang'ono, kuti timabokosi titatu tija tioneke tonse. Ndipo foni ndi kompyuta zonse zikhale ndi intaneti pa nthawi yolumikizayo.

Anzanga, mawu a pa foniwa ndi a Chipwitikizi kapena Chingerezi, koma zilembo zake ndi zomwe zija taphunzira muno. Tisanabalalike, aliyense amene ali ndi foni ya WhatsApp aitulutse. Amene alibe akhale pafupi ndi mnzake. Tipeze timadontho titatu, titsegule mndandanda uja, tiwerenge. Amene apeza dzina losalidziwa akweze dzanja, titseke pamodzi.



MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Polumikiza WhatsApp ku kompyuta, kodi ndani akupereka kiyi: woonetsa chizindikiro kapena woloza kamera?
2. Mayi uja wafika kale kumudzi. Achite chiyani kuti atseke khomo?
3. Tchulani zinthu ziwiri zosonyeza kuti wina akuwerenga mauthenga athu.
4. Kodi tingasindikize bwanji kalata popanda kulumikiza foni?

TILEMBE M'MAKOPE

Chizindikiro. Kulumikiza. Kutseka.
Ndiwerenga kaye ndisanaloze kamera.
Ndikalumikiza, nditseka ndisanachoke.