NAMASUPUNI: TIMUZULE, TIMUPOPERE MANKHWALA, KAPENA TIMUTUMIRE TIZILOMBO?



Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Lero tikamba za mlendo amene sanachoke, ndiye namasupuni, chomera choyandama pamadzi chija cha masamba obiriwira onga supuni ndi maluwa okongola obiriwira mofiirira. Kwawo ndi ku chigwa cha mtsinje wa Amazoni ku Amereka wa kumwera. Anthu anamunyamula ndi kupita naye m'maiko ena chifukwa cha duwa lake. M'dziko muno anayamba kuoneka kumunsi kwa Shire chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo m'zaka za m'ma 1990 anali atafika kumtunda kwa mtsinjewo, cha ku nyanja ya Malombe.

Kwawoko namasupuni savuta kwenikweni, chifukwa kuli tizilombo ndi matenda amene amamudya. Pobwera kuno adani akewo anatsala, ndipo palibe chomuletsa kuswana. Akayala pamadzi bwato silidutsa, ukonde suponyeka, ngalande zothirira mpunga zimatsekeka, ndipo pamodzi ndi udzu wina woyandama amatseka makina opangira magetsi pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Njira zolimbana naye zilipo zitatu: manja, mankhwala, ndi tizilombo. Kuti tiziyerekeze bwino, tiyambe tamvetsa m'mene chomerachi chimaswanirana.

Namasupuni amatulutsa timphukira m'mbali mwake, ndipo kumapeto kwa kamphukira kalikonse kumamera mwana, amene naye posachedwa amatulutsa ana ake. M'madzi ofunda ndi achonde, malo amene wayala amawirikiza kawiri pa masabata awiri okha. Amaberekanso njere, zimene zimamira m'matope ndipo zikhoza kukhala zamoyo zaka 20. Madzi akaphwa ndi kubweranso, njerezo zimamera.

Tsono tiwerenge pamodzi. Tiyerekeze kuti padooko la mudzi wanu pafika kachigamba ka namasupuni ka mamita 10 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi. Namasupuni wothithikana amalemera pafupifupi matani 200 pa hekitala imodzi, nthawi zina kuposa pamenepo, kotero kachigamba kathu kakulemera matani awiri. Tinene kuti munthu wamphamvu akhoza kukokera kumtunda tani imodzi pa tsiku. Amuna awiri akatha ntchitoyo dzuwa lisanalowe. Koma anthu akati tidzaona mawa, kachigambako kadzawirikiza kasanu ndi kawiri pa masabata 14, ndipo kadzapitirira hekitala yathunthu. Hekitala imeneyo, pofuna kuwirikizanso, imaonjezera matani pafupifupi 14 tsiku lililonse. Amuna 14 akhoza kuzula kuyambira m'mawa mpaka madzulo, tsiku ndi tsiku, koma namasupuni nkukhala monga analili.

Pamenepa mwaona mphamvu ya njira yoyamba ndi malire ake. Kuzula ndi manja n'kothandiza kwambiri chomerachi chikadali chochepa, ndiponso pa malo aang'ono ofunika kukhala oyera nthawi zonse, monga dooko, potunga madzi, ndi ngalande ya m'dimba. Sikuononga nsomba ndipo sikulira ndalama. Koma pali malamulo ake. Musamudule ndi chikwanje m'madzi momwemo, chifukwa chidutswa chilichonse chokhala ndi tsinde lapakati chimayandama ndi kukamera kwina. Mukokereni kumtunda wathunthu ndi mizu yomwe, asanachite maluwa. Muunjikeni patali, pamene madzi osefukira safika, kuti aume padzuwa. Akauma mukhoza kumuwoletsa kukhala manyowa. Mukamusiya m'mphepete penipeni, mvula yoyamba idzamubweza mumtsinje. Chenjeraninso, pakuti pansi pa namasupuni pamabisala ng'ona ndi njoka, ndi nkhono zija zofalitsa likodzo. Ndi bwino kukoka ndi cheke kapena ngowe muli pamtunda kapena m'bwato kusiyana ndi kulowa m'madzi. Makina akuluakulu okolola udzu amene amagwira ntchito pa Liwonde ndi njira yomweyi ya manja, yokulitsidwa chabe: amayeretsa malo amodzi, koma udzu wina umabwerabe kuchokera kumtunda.

Njira yachiwiri ndi mankhwala ophera udzu. Odziwika kwambiri pa ntchito imeneyi ndi 2,4-D ndi gilaifoseti. Amapoperedwa pamasamba, amalowa m'chomera ndi kuyenda mpaka kutsinde, ndipo pakatha masabata awiri kapena atatu namasupuni amafota, nafiira, namira. Pa njira zonse zitatu, iyi ndiyo imayeretsa malo aakulu mofulumira. Koma choyamba kudziwa n'chakuti namasupuni wophedwa ndi mankhwala sachoka m'madzi. Matani 200 aja amamira ndi kuwolera pansi, ndipo powola amatha mpweya wa okosijeni umene nsomba zimapuma. Chizindikiro chake n'chosavuta: m'bandakucha mudzaona nsomba zikubwera pamwamba, zikuyasama, ndipo zina zikuyandama chagada. N'chifukwa chake akatswiri sapopera damu lonse tsiku limodzi. Amapopera gawo limodzi, nadikira masabata angapo, kenaka gawo lina.

Chachiwiri n'chakuti mankhwala sapha njere za m'matope. Madzi akayera kuwala kwa dzuwa kumafika pansi, zowola zija zimasanduka chonde, ndipo mbewu yatsopano imamera mwamphamvu. Choncho amene wayamba kupopera ayenera kupoperanso chaka ndi chaka, ndipo mankhwalawo ndi ogula kunja. Chachitatu, mankhwala sasankha bwino. Gilaifoseti amapha pafupifupi chomera chilichonse chimene wachigwera, kuphatikizapo bango, gumbwa ndi mpunga. 2,4-D akauluka ndi mphepo amapinda masamba a thonje, fodya ndi matimati m'minda yoyandikana. Ndipo madzi amenewo ndi omwe anthu ndi ziweto akumwa. Chotero kupopera pamadzi si ntchito ya munthu payekha ndi mpope wake wa kumunda. Ndi ntchito ya akatswiri a boma, pa malo osankhidwa.

Njira yachitatu ndiyo kuitana adani aja anatsala ku Amazoni. Odziwika ndi tizilombo tiwiri ta mtundu wotchedwa Neoketina, tofanana maonekedwe ndi nankafumbwe, kukula kwake ngati njere ya mpunga. Alimi ena akamva dzina la nankafumbwe amaopa za nkhokwe zawo. Musaope. Tisanatulutsidwe m'dziko lililonse, tizilomboti tinayesedwa pa mbewu zambirimbiri, ndipo moyo wake wonse ndi womangika pa namasupuni. Kachilombo kakakulu kamadya khungu la tsamba usiku. Kakakazi kamaikira mazira m'phesi la tsamba. Mphutsi zikaswa zimaboola phesi kutsikira kutsinde lapakati, pamene pamachokera masamba atsopano. Potsiriza mphutsi imadzikulunga mu timizu ta namasupuni pansi pa madzi kuti isanduke kachilombo kakakulu. Pa chimanga kapena mpunga sizingatheke zimenezi. Ulendo wonsewo umatenga pafupifupi miyezi itatu.

Mphutsi ndizo zimagwira ntchito yaikulu. Mapanga amene zimaboola amalowa madzi ndi nkhungu, phesi limawola, chomera chimalephera kuyandama, ndipo chimabereka ana ochepa ndi maluwa ochepa. M'dziko muno a Dipatimenti ya Zausodzi anayamba kuweta tizilomboti ndi kutitulutsa m'Shire kuyambira mu 1995. Pa nyanja ya Viktoriya, namasupuni anayala mahekitala oposa 15,000 mu 1998; tizilomboti titakhazikika, ndiponso mvula yamphamvu ya 1997 ndi 1998 itaswa zigamba zake, anachepa kwambiri pofika chaka cha 2000.

Inu nokha mukhoza kuona ngati tizilomboti tilipo kwanuko. Tolani namasupuni mmodzi ndi kuyang'ana masamba. Mukaona timabala tating'ono tambirimbiri ngati wina anapala ndi nsonga ya singano, tilipo. Tsegulani pakati pamene tsamba lanthete lakulungidwa. Masana tizilombo timabisala pamenepo. Ng'ambani phesi: mukapeza mizere yakuda mkati, mphutsi zadutsamo. Namasupuni wogwidwa bwino amakhala wamfupi, wa masamba aang'ono, osafika pabondo.

Nayonso njirayi ili ndi malire. N'njochedwa: zotsatira zake zimaoneka pakatha zaka zitatu mpaka zisanu. Sitha namasupuni yense, imangomuchepetsa. Ndipo pamene madzi ali ndi chonde chochuluka, chochokera ku feteleza wokokoloka m'minda, ndowe ndi zonyansa za m'matauni, chomerachi chimakula mofulumira kuposa m'mene tizilombo tingadyere. Madzi osefukira nawo amakokolola namasupuni pamodzi ndi tizilombo, ndipo mbewu yomera kuchokera ku njere imayamba yopanda mdani. Komanso mukapopera mankhwala ponseponse, mwapha chakudya ndi nyumba ya tizilomboti, ndipo namasupuni amabwerera msanga kuposa ito. Pamene pakupoperedwa, pasiyidwe zigamba zina zosakhudzidwa kuti tizilombo tithawiremo.

Kumtunda muyeso ndi womwewu, koma yankho limasintha. Taganizani za lantana, chitsamba cha timinga ndi timaluwa tofiira ndi tachikasu, chochokeranso ku Amereka, chimene chimalanda mabusa ndi minda yogonera ndipo masamba ake amadwalitsa ng'ombe. Akatswiri akhala akumutumira tizilombo kuyambira mu 1902, mitundu yoposa 40 m'maiko osiyanasiyana, koma sanagonje kwenikweni, chifukwa lantana ali ndi mitundu yambiri yosakanizika ndipo kachilombo kokonda mtundu umodzi kamakana wina. Kwa iyeyu khasu ndilo limapambana. Kumudula kapena kumutentha chabe kumangomuphukitsa. Zulani chitsa chonse nthaka ikadali yofewa ndi mvula. Chitsa chachikulu chiduleni pafupi ndi nthaka ndi kupaka mankhwala pabala nthawi yomweyo, lisanaume. Pamenepa mankhwala ndi ochepa ndipo sagwera m'madzi. Kenaka bzalani udzu kapena mbewu pamalopo, ndi kubwererako kukazula tating'ono tomera ku njere zimene mbalame zimamwaza.

Tsono yankho la funso lathu ndi ili. Pa mtsinje waukulu ndi m'madambo, pamene manja sangafike, tizilombo ndito tigwire ntchito ya zaka. Padooko, pangalande ndi potunga madzi, mudzi upangane tsiku loyendera, kawiri pa mwezi, ndipo namasupuni aliyense woyamba kuoneka atuluke tsiku lomwelo. Mankhwala asungidwire nthawi ya ngozi, m'manja mwa odziwa. Inu asodzi, posamuka kuchokera ku Shire kupita ku nyanja ina kapena ku damu, yang'anani m'bwato ndi mu ukonde kuti musanyamule kachidutswa. Ndipo inu okonda maluwa, musamuike namasupuni m'dziwe la pakhomo, ngakhale duwa lake likukongola chotani.