Njinga ya Moto: Kodi Tiilembe Tsamba Liti?

Inu aphunzitsi amene mumasunga mabuku a magulu m'midzi, lero tikambe za funso limodzi. Tiyerekeze kuti gulu lophika buledi ku Bvumbwe lagula njinga ya moto ku Limbe, kuti lizikaperekera buledi kwa antchito a m'minda ya tiyi ya Satemwa ndi Naming'omba. Mtengo wake, pamodzi ndi ndalama yolembetsera ku boma, ndi K3,000,000. Kodi mlembi alembe ndalamayi pa tsamba la ndalama zimene zatha pa ntchito, kapena pa tsamba la chuma cha gulu?

Muyeso wake ndi uwu: kodi chinthucho ndi cha gulu, ndipo chidzaligwirira ntchito kupitirira chaka chimodzi? Petulo akapsa, wapsa. Koma njinga idzakhala ikunyamulabe buledi chaka chamawa ndi chinacho. Chotero njinga ndi chuma.

Taonani chimene chichitika mlembi akalakwitsa. Tinene kuti gululi limapindula K400,000 pa mwezi. Akachotsa mtengo wonse wa njinga mwezi umene yagulidwa, buku lidzati gulu laluza K2,600,000, anthu nayamba kuloza chala msungichuma wosalakwa. Miyezi yotsatira buku lidzanamanso, pakuti lidzaonetsa phindu lonse ngati kuti njinga sikutha. Anthu adzagawana zonse, ndipo tsiku limene njinga idzafa adzapezeka ali manja lende.

Njira yoyenera ndiyo kugawa mtengowo pa zaka zonse za ntchito yake. Gulu liganizire misewu yoterera ya m'mapiri a Thyolo nthawi ya dzinja, lisadzinamize. Tinene kuti njinga idzatumikira zaka 4, kenaka nkugulitsidwa K600,000. Ndiye kuti ndalama imene idzatheratu ndi K2,400,000, kutanthauza K600,000 pa chaka, kapena K50,000 pa mwezi. K50,000 imeneyi ndiyo ilembedwe mwezi ndi mwezi pa tsamba la zimene zatha, pamodzi ndi petulo, oyilo, matayala ndi malipiro a woyendetsa. Tsono phindu lenileni ndi K350,000. Chaka chikatha, njinga ilembedwe pa tsamba la chuma kuti ndi ya K2,400,000. Kulembaku pakokha sikusunga ndalama ai. Ofuna kudzagula njinga ina aziika K50,000 ija padera.

Chenjeraninso pa izi. Njinga yogula pa ngongole ndi chumabe. Ngongoleyo ilembedwe payokha, ndipo chiwongoladzanja chokha ndicho chipite pa zimene zatha. Koma gulu likamangolipira wa kabaza kuti anyamule buledi, njingayo ndi ya mwini wake, ndipo ndalama yolipirayo yonse yatha tsiku lomwelo.

Alembi, katseguleni mabuku anu muone tsamba limene munalembapo njinga.