Kugonana muli woyembekezera: zomwe mzamba anauza amayi

Kusikelo timafunsa za kutupa miyendo, koma funso la kuchipinda ambiri timabwerera nalo kunyumba chifukwa cha manyazi. Lero tilankhulane ngati akuluakulu.

Ngati mimba ili bwinobwino, kugonana sikumuvulaza mwana. Mwana ali m’thumba la madzi, mkati mwa chiberekero chomwe ndi cha minofu yolimba, ndipo khomo la chiberekero ndi lotsekedwa ndi chikazi chokhuthala chomwe chimatchinga tizilombo. Abambo safika komwe kuli mwana. Mimba zambiri zimene zimapita padera m’miyezi itatu yoyamba zimatero chifukwa mwana sanaumbike bwino pachiyambi pomwe, osati chifukwa munakumana ndi amuna anu.

Chimene chimasintha ndi kagonedwe. Mimba ikadutsa miyezi isanu, kugona chagada nthawi yaitali kumachititsa chizungulire, chifukwa chiberekero chimapanikiza mtsempha waukulu wobweza magazi kumtima. Gonani chammbali, abambo akhale kumbuyo, kapena inu mukhale pamwamba kuti mudziyezere nokha. Mukamaliza, mimba imatha kulimba pang’ono kenako n’kumasuka. Zimenezo zisakuopseni. Koma ikamalimba mobwerezabwereza, ikupweteka, osaleka ngakhale mwapuma, nyamukani.

Tsono pali nthawi zimene mzamba amati dikirani, ndipo apa palibe zokambirana. Tiyerekeze mayi wa miyezi isanu ndi iwiri wadzuka n’kuona magazi ofiira, koma sakumva ululu uliwonse. Ambiri amati poti sizikupweteka ndiona mawa. Ayi! Magazi otuluka popanda ululu nthawi zambiri amasonyeza kuti nsengwa yakhala m’munsi, yatseka njira ya mwana. Chilichonse cholowa kumaliseche chikhoza kuyambitsa magazi ambiri, n’chifukwa chake ngakhale ife azamba sitipima ndi zala mpaka aunikidwe ndi makina. Mayi ameneyu apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo zogonana ziime mpaka achipatala atanena.

Chimodzimodzi nsupa ikasweka, ngakhale madzi akungodontha pang’onopang’ono: thumba latseguka, tizilombo tikhoza kufika kwa mwana. Ndipo ngati munachirapo mwezi usanakwane, kapena anakuuzani kuti khomo la chiberekero likutseguka msanga, funsani mzamba wanu musanapitirize.

Mimba sikuteteza ku matenda opatsirana pogonana. Mayi akatenga HIV ali woyembekezera, chiopsezo chopatsira mwana chimakhala chachikulu, ndipo chindoko chimatha kupha mwana m’mimba. Kayezetseni limodzi. Ngati abambo ali ndi zilonda kumaliseche, dikirani alandire mankhwala, ndipo ngati simukudziwa momwe magazi awo alili, kondomu ikhalepo.

Nanga zija zoti kugonana n’kumene kumakulitsa mwana? Mwana amakula ndi chakudya chochokera m’magazi a mayi kudzera mu nsengwa, basi. Choncho ngati mwatopa, muli ndi nseru kapena simukufuna, kukana kwanu sikumumana mwana kanthu, ndipo munthu asakukakamizeni pogwiritsa ntchito dzina la mwanayo. Chilakolako chimatha kukwera kapena kutheratu, zonse zimachitika. Ngati zikuvuta kuwafotokozera abambo, bwerani nawo kusikelo tidzawauze ife.