KUYESA MAFUNSO ASANAKAYESE ANA

(Mau okambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a masukulu a misyoni)



Nkhani ya lero icokera pa kalata yaifupi imene mkulu woyang'anira phunziro la masamu pa sukulu ina ya kumudzi analembera aphunzitsi anzake, patatsala masabata atatu kuti mayeso a kutha kwa temu ayambe. M'kalatamo anapempha kuti yense wokonza mafunso abwere nao Lolemba, ndi kuti mayankho ake awatsekere m'envulopu ina payokha. Pepala liri lonse liperekedwe kwa mphunzitsi amene sanalilembe. Ameneyo ayambe waliyankha yekha monga mwana wa sukulu, akuyang'ana koloko, ndipo atsegule envulopuyo pokhapokha atatsiriza. Lacinai abweze pepalalo ndi zimene wapeza, zolembedwa ndi pensulo m'mbali. Mau otsiriza a kalatayo anali akuti pepala lopanda maina a anthu awiriwo silidzapita kokasindikiza.

Ena anaiwerenga ndi nkhope zakugwa, makamaka mphunzitsi wina wacikulire wa Giredi 6, amene pepala lake linagwera m'manja mwa mtsikana wongocoka kumene ku koleji. Kwa iye cinaoneka ngati citonzo. Koma cifukwa ca lamulolo siciri pa kukayika nzeru za munthu ai. Wolemba funso adziwa kale yankho limene alifuna, ndipo powerenganso maso ake aona zimene ziri m'mutu mwake, osati zimene ziri pa pepala. Ngakhale awerenge kasanu, colakwaco sacipeza. Nciye cifukwa cake mayankho abisidwa: woyesa mafunsoyo akayamba waona yankho, nayenso wacita khungu lomwelo.

Funso la 9 pa pepala lija linali lotere: mlimi ali ndi dimba la mamita 12 m'litali ndi mamita 8 m'lifupi, mwana apeze ukulu wa dimbalo. Mayankho osankhapo anali anai: 20, 40, 96 ndi 500. Mtsikanayo anaima nthawi pa funso limeneli, nalemba 40, poganiza za mpanda wozungulira dimba, ndiwo 12 ndi 8, kawiri. Potsegula envulopu anapeza 96, ndiko kuti 12 kucurukitsa ndi 8, malo onse a m'kati mwa dimba. Palibe analakwa masamu mwa awiriwo. Colakwa cinali m'liu limodzi lakuti "ukulu", limene lingathe kunena zinthu ziwiri, ndipo mayankho a zonse ziwirizo anali pomwepo pa mndandanda.

Funso lotere likadutsa osaoneka, kuipa kwake kugwera mwana wanzeru koposa. Mwana wodziwa njira imodzi yokha alemba msanga napitirira. Koma wodziwa zonse ziwiri akhala ndi kusinkhasinkha, nataya mphindi zimene zikadamthandiza pa mafunso ena. Tsono pa tsiku loconga aphunzitsi atsala ndi njira ziwiri, zonse zoipa: kubvomera mayankho onse awiri, pamenepo funsolo silinayese kanthu, kapena kuumirira pa 96, ndi kumana malikisi ana amene sanalakwe. Makolo a kumudzi samva za liu losokoneza. Iwo aona nambala ya mwana wao pa lipoti basi.

Awiriwo anakhala pansi kulikonza, ndipo kukonzako kunatenga nthawi koposa m'mene anayembekezera. Poyamba anasintha mau, kuti mwana apeze malo onse a m'kati mwa dimba amene mlimi angabzalepo ndiwo. Mwini funso anafuna kuonjeza mau akuti "masikweya mita" patsogolo pa 96 pokha. Koma mtsikanayo anamsonyeza kuti mwana wocenjera adzasankha yankho looneka losiyana ndi anzake, wosawerengera konse. Motero mauwo anaikidwa pa mayankho onse anai. Pambuyo pake anayang'ana 500 uja. Palibe njira yolakwika imene ingamfikitse mwana pa 500, cotero palibe angamsankhe, ndipo funso la mayankho anai lasanduka la atatu. Anamcotsa, naikapo 48, amene mwana ampeza akasokoneza dimba la ngondya zinai ndi la ngondya zitatu, nagawa 96 pakati. Tsopano yankho lolakwa liri lonse linali ndi nkhani yake: wosankha 20 wangophatikiza manambala awiri, wosankha 40 wapeza mpanda, wosankha 48 watenga lamulo la cinthu cina. Mphunzitsi akatha kuconga adziwa cimene ayenera kubwereza temu yamawa, ndiponso kwa ana ati.

Za koloko zinatha msanga. Mkulu uja anapereka muyeso wosabvuta, wakuti mwana apatsidwe nthawi ya mphunzitsi katatu. Si lamulo la boma, ndi muyeso wa m'manja cabe, koma uthandiza. Mtsikanayo anatsiriza pepala m'mphindi 25. Katatu ndizo mphindi 75, pamene mayeso anali a ola limodzi. Anacotsa mafunso awiri atali amene anamdyera mphindi 5, ndipo pepala linakwana m'ola lake.

Komabe pali colakwa cimene kuyankha pepala sikungacionetse, ngakhale woyankhayo akhale katswiri. Funso lingakhale lomveka, la yankho limodzi, lokwana nthawi, koma lofunsa zimene ana sanaphunzire. Pa sukulu ija Giredi 6 inali ndi makalasi awiri, ndipo mphunzitsi wa kalasi laciwiri anadwala masabata awiri, motero ana ake sanafike pa maperesenti. Pepala linali ndi mafunso atatu a maperesenti. Mtsikanayo anawayankha bwinobwino osaona bvuto, popeza iye maperesenti awadziwa. Cinaulula nkhaniyi ndi buku lolembamo nchito imene yaphunzitsidwa sabata ndi sabata, limene mkuluyo analiika pambali pa pepala tsiku Lacinai. Buku la mapulani a temu silikadathandiza, pakuti limanena zimene mphunzitsi anafuna kucita. Ndipo pakati pa kufuna ndi kucita pamalowa maliro, mvula ndi malungo. Mafunso atatuwo anasungidwa kudikira temu yamawa.

Ena mwa akumva adzafunsa za cinsinsi, ndipo funsolo nloyenera, pakuti pepala lopita m'manja ambiri litha kuturukira kunja. Pa ici kalata ija inanena mau awiri okha: nchitoyo icitikire m'ofesi, pepala lisapite kunyumba, ndipo mphunzitsi amene ali ndi mwana wake kapena wa mbale wake m'kalasi limenelo apatsidwe pepala la kalasi lina. Pa sukulu ya kumudzi, pamene pafupifupi mwana ali yense ali mbale wa wina, lamulo laciwirilo ndilo lobvuta kusunga, ndipo nthawi zina mkulu mwini ayenera kutenga pepalalo.

Mapepala a sukulu ija asindikizidwa ku boma, ulendo wa tsiku lonse pa njinga. Ana a Giredi 6 anali 84, pepala la masamba atatu, ndiwo masamba 252 ogulidwa ndi ndalama zosonkha mobvutika. Mkuluyo anamuuza wopita nao kuti aturutse pepala limodzi lokha poyamba, aliwerenge pamodzi ndi lolembedwa pamanja nambala ndi nambala, ndipo pamenepo alole makina kupitirira. Anatumidwa ndi mphunzitsi wacikulire uja. Pa funso la 9 wotaipa anali atalemba 21 m'malo mwa 12, kotero kuti yankho likadakhala 168, limene panalibe pa mayankho anai aja. Anamuuza wotaipayo akonze, nawerenganso tsamba lonse kuyambira pamwamba, ndipo madzulo anabwerera ndi mtolo wake womangidwa m'pulasitiki kuopa mvula.