Akakupezani pa intaneti n'kukulemberani za ntchito, muyankhe bwanji?

Lero tikambirana za meseji imodzi yokha. Mwamaliza sukulu, gauni munabweza kalekale, mwakhala pakhomo miyezi ingapo, ndiye tsiku lina foni ikulira. Munthu amene simukumudziwa walemba pa LinkedIn kuti waona mbiri yanu, ndipo pali ntchito imene akuganiza kuti ingakuyenereni. Mtima umagunda, tonse tikudziwa. Ena timayankha nthawi yomweyo ndi mathokozo mizere isanu. Ena timachita mantha, timangoti "ine sindinagwirepo ntchito, andifuniranji", mesejiyo n'kugona osayankhidwa mpaka sabata kutha.

Tiyambe ndi kumvetsa kuti munthuyu ndani. Olemba anthu ntchito alipo a mitundu iwiri. Wina ndi wa m'kampani momwemo, wa ku ofesi yoona za antchito. Wina ndi ajenti, amene kampani yamutuma kuti aifunire anthu. Onse awiriwa amalipidwa ndi kampani yofuna wantchitoyo. Inuyo simulipira kanthu. Ndiye akangotchula ndalama, kaya akuti ya fomu, ya maphunziro oyambira, ya yunifolomu, kaya "kangachepe kosungitsira malo" pa Airtel Money kapena Mpamba, nkhani yathera pomwepo. Musakangane naye, musamufotokozere, ingomusiyani.

Musanalembe chilichonse, dzipatseni theka la ola kuti mufufuze. Tsegulani tsamba la munthuyo. Kodi walembapo kumene amagwira ntchito? Tsambalo ndi lakale, kapena latsegulidwa mwezi watha, lili ndi chithunzi chimodzi ndi anzake khumi? Kenako funani nambala ya kampaniyo panokha, osati imene iye wakupatsani, muimbe ku ofesi, mufunse mwaulemu ngati ali ndi munthu wa dzina limenelo ndiponso ngati akufunadi wantchito. Kampani yeniyeni sikwiya ndi funso limeneli. Yang'ananinso adiresi ya imelo yake. Ngati akuti ndi wa banki yaikulu koma adiresi ikuthera pa @gmail.com, pali funso. Koma apa tisanamizane: kwathu kuno makampani ang'onoang'ono ambiri, ngakhale abwinobwino, amagwiritsa ntchito Gmail, choncho chizindikiro chimenechi pachokha sichikwanira. Foni ya ku ofesi ija ndiyo imathetsa nkhani.

Akakhala kuti akunena za ntchito ya kunja kwa dziko, chenjerani kawiri. M'chaka cha 2024 wailesi ya BBC inaonetsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito, ena atazimva pa Facebook, n'kukapezeka akugwira ntchito za m'nyumba ngati akapolo, mapasipoti atalandidwa. Dziko lathu lili ndi lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015, koma lamulo silingakutsatireni msanga mukakhala m'nyumba yotsekedwa kutsidya kwa nyanja. Fufuzani za ajentiyo ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu musanapereke pasipoti kwa wina aliyense.

Tsopano tinene kuti mwafufuza, munthuyo alipodi, kampani iliponso. Muyankhe tsiku lomwelo kapena mawa lake. Munthuyu sanalembere inu nokha, walembera anthu angapo, ndipo amayamba kukonza maintaviyu ndi amene ayankha.

Tiyerekeze mtsikana wina wa ku Ndirande, wamaliza digiri ya zowerengera ndalama ku MUBAS. Amulembera kuti kampani ina yogulitsa katundu ku Limbe ikufuna wothandizira akauntanti, ndipo chikalata cha ntchitoyo chikuti akufuna munthu amene wagwirapo zaka ziwiri. Iye sanalembedwepo ntchito. Yankho limene limabwera loyamba m'mutu mwake ndi lakuti: "Zikomo kwambiri bwana pondiganizira. Pepani, ine ndilibe luso lililonse, ndangomaliza kumene sukulu, koma ndine wolimbikira ndipo ndingagwire ntchito iliyonse imene mungandipatse."

Yankho limeneli ndi laulemu, koma taonani zimene lachita. Lapepesa pa chinthu chimene wolembayo anachiona kale, pajatu mbiri ija waiwerenga, chaka chomalizira sukulu chili pomwepo, ndipo walembabe. Silinamupatse chilichonse chimene angakauze bwana wake. Ndipo mawu akuti "ntchito iliyonse" amauza munthu kuti mwapanikizika. Wabwino amangomva chisoni, woipa amaona pogwira.

Chimene mtsikanayu ayenera kuchita ndi kutenga pepala, mbali ina alembe ntchito zimene chikalata chija chatchula, mbali inayo alembe pamene iye anachitapo chinthu chofanana nacho. Chikalata chikuti kulemba ndalama zolowa ndi zotuluka, kufananitsa mabuku a kampani ndi sitetimenti ya ku banki, kugwiritsa ntchito Excel. Akaganiza bwino akumbukira kuti ali chaka chachitatu anachita atachimenti miyezi itatu pa bungwe lina losunga ndi kubwereketsa ndalama, ndipo kumapeto kwa mwezi uliwonse ankathandiza kufananitsa mabuku ndi sitetimenti. Anakhalaponso msungichuma wa gulu la ophunzira 60 kwa chaka chathunthu. Ndipo kuyambira ali fomu 4 ndi iye amene amalemba mabuku a golosale ya amayi ake, moti chaka chatha anawasamutsira mu Excel. Atsikanafe ntchito zoterezi timazitcha "kuthandiza pakhomo", sitiziwerengera n'komwe, pamene mchimwene wathu akanazilemba pamwamba penipeni pa CV.

Yankho lake lenileni adzalemba m'Chingerezi, monga mmene anamulembera, koma mfundo zake zikhale izi: "Zikomo pondilembera za ntchito ya wothandizira akauntanti. Ndili nayo chidwi. Ndinamaliza digiri ya zowerengera ndalama chaka chino. Sindinalembedwepo ntchito yokhazikika, koma pa atachimenti ya miyezi itatu ndinkafananitsa mabuku ndi sitetimenti ya ku banki mwezi ndi mwezi, ndipo ndimasunga mabuku a bizinesi yaing'ono mu Excel. Ndaona kuti mukufuna zaka ziwiri. Kodi kampani ingaganizireko munthu wongomaliza kumene? Chonde nditumizireni tsatanetsatane wa ntchitoyi, malo ogwirira, ndi malipiro amene akonza. Nditha kulankhula nanu pa foni Lachiwiri kapena Lachitatu m'mawa. CV yanga ndaiphatikiza."

Taonani pamene paikidwa chiganizo chonena kuti sanagwirepo ntchito. Chili pakati, chanenedwa kamodzi, popanda pepani, ndipo chatsatidwa pomwepo ndi zimene anachita. Sanabise, chifukwa kubisa kumaululika. Akanalemba kuti miyezi itatu ija inali chaka, wolemba ntchitoyo akanangoimbira foni kumene anachita atachimenti, basi dzina laipa, ndipo anthu a m'maofesi amenewa ku Blantyre ndi ku Lilongwe amadziwana. Sanalembenso kuti ndi wolimbikira, wokhulupirika, woopa Mulungu. Zimenezo aliyense amalemba. Miyezi itatu, mwezi ndi mwezi, Excel: izi ndi zimene munthu angafunse n'kuzitsimikiza. Za usungichuma zija wazisiya dala, zili mu CV, meseji isatalike.

Nanga zaka ziwiri zija? Nthawi zina ndi lamulo lenileni la kampani, ndipo adzamuyankha kuti ayi. Nthawi zina ndi chikhumbo chabe cha amene analemba chikalatacho. Simungadziwe mpaka mutafunsa. Akakana, funsani ngati pali malo a wophunzira ntchito, ndipo muwapemphe asunge CV yanu.

Pa nkhani ya malipiro, ambirife timachita manyazi, ngati kufunsa ndi mwano. Si mwano. Iye akakufunsani kuti mukufuna zingati, mubwezereni funso mwaulemu, kuti kampani yakonza kuyambira pati kulekeza pati. Akatchula, funsani ngati ndalamayo ndi ya asanadule msonkho kapena yolowa m'thumba, chifukwa kusiyana kwake kungakhale thiransipoti yanu ya mwezi wonse. Akati muyambe mwaulere "tikuoneni kaye", funsani kuti mpaka liti, ndipo alembe. Lamulo la zantchito la 2000 limati nthawi yoyeserera wantchito waluso isapitirire miyezi 12, komanso kuti wolemba ntchito akupatseni zolembedwa zofotokoza ntchito yanu ndi malipiro pasanathe mwezi chiyambireni ntchito.

CV imene mukutumiza ikhale ya tsamba limodzi kapena awiri, mu PDF, dzina la failo likhale dzina lanu. Musaikemo nambala ya chiphaso cha unzika, nambala ya akaunti ya ku banki, kapena malongosoledwe a kumene mumakhala, dzina la dera ndi lokwanira. Zithunzi za chiphaso ndi masatifiketi zidikire mpaka mutatsimikiza kuti ntchito ilipo, ndipo masatifiketi enieniwo musamusiyire munthu. Nambala yachinsinsi imene imabwera pa foni yanu, kaya ya WhatsApp kaya ya ku banki, palibe wolemba ntchito amene amaifuna.

Chatsala ndi chija ambiri mwabwerera, ngakhale simunachitchule. Mwayankha bwinobwino, iye wapempha kuti mupitirize pa WhatsApp. Zimenezo pazokha si vuto, ambiri amatero. Koma yang'anani mmene nkhani ikusinthira. Mameseji ayamba kubwera 10 koloko usiku. "Mayi" uja wasanduka "bebi". Akufunsa ngati muli pabanja, akupempha chithunzi cha thupi lonse pa ntchito yowerengera ndalama. Intaviyu akuti ichitikire ku loji Loweruka madzulo chifukwa bwana ndi wotanganidwa. Apa musayambe kudzifunsa ngati munalemba china cholakwika. Yankhani kamodzi, mwachidule: "Ndingakonde kuti tizilankhulana pa imelo nthawi ya ntchito, ndipo intaviyu ichitikire ku ofesi yanu kapena pa kanema." Amene akufunadi wantchito amavomera osavuta. Winayo amakwiya, kapena amayamba zakuti atsikana ofuna ntchitoyi ndi ambiri.

Zikafika pamenepo, jambulani mameseji onse musanamutseke, dzina ndi nambala zioneke, pajatu pa WhatsApp munthu atha kufufuta zimene analemba. Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 limaletsa nkhanza zokhudza kugonana, ndipo mutha kukadandaula ku bungwe la Malawi Human Rights Commission kapena ku polisi, ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Ngati munthuyo ndi wa kampani yeniyeni, akuluakulu ake ayeneranso kuona mamesejiwo.

Ndipo ngakhale zonse zitaoneka zolongosoka, tsiku la intaviyu uzani munthu mmodzi kumene mukupita, dzina la amene mukukakumana naye, ndi nthawi imene mukuyembekeza kutuluka. Nyamulani ndalama yanuyanu yobwererera, kuti pasakhale zoti wina akuperekezeni pa galimoto.

Mukatumiza yankho lija n'kukhala zii, dikirani masiku asanu ogwira ntchito, mulembenso mizere iwiri yokumbutsa, kamodzi kokha. Tsopano tigawane awiriawiri. Aliyense atenge pepala, alijambule mzere pakati, mnzake azimufunsa zimene wakhala akuchita chiyambireni fomu 4.