Pepala la ku banki likafuna womasulira: zoyenera kuonetsa ndi zoyenera kubisa

Awa ndi mawu amene mlangizi wa zachitukuko anayankhula pa mkumano wa asungichuma ndi alembi a makomiti a m'midzi ya m'wodi ino.



Makomiti ambiri a mijigo, a sukulu ndi a magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama ali ndi akaunti ku banki masiku ano. Banki ikapereka sitetimenti, lomwe ndi pepala loonetsa ndalama zimene zalowa ndi zimene zatuluka, imalemba m'Chingerezi, pamene msonkhano wa m'mudzi umachitika m'Chichewa. Msungichuma amene Chingerezi chimamuvuta amajambula pepalalo ndi foni n'kutumiza chithunzi pa WhatsApp kwa mwana wake wa kusekondale kapena kwa mphunzitsi wodziwana naye, kuti amumasulire. Kupempha thandizo kotereku n'kwanzeru, pakuti anthu amene anasonkha ndalama ali ndi ufulu womva m'chinenero chawo momwe zayendera. Vuto ndi lakuti chithunzicho chimanyamula zambiri zoposa zimene womasulira akufuna.

Pamwamba pa sitetimenti pamakhala dzina la mwini akaunti, keyala yake, nthambi ya banki ndi nambala yonse ya akaunti. M'mizere ya m'munsi mumapezeka maina ndi manambala a foni a anthu amene anatumiza kapena kulandira ndalama, komanso nambala yozindikiritsa ntchito iliyonse imene inachitika. Nambala ya akaunti payokha siitulutsa ndalama, ndipo anthu amaipereka tsiku ndi tsiku kwa amene akufuna kuwalipira. Choopsa chimabwera pamene nambalayo yakumana ndi dzina, nambala ya foni ndi ndalama zimene zatsala, zonse papepala limodzi. Kamberembere amene wapeza zinthu zinayizi amaimba foni ngati wa ku banki, n'kutchula molondola tsiku limene ndalama zinalowa komanso kuchuluka kwake. Woyankha foniyo amakhulupirira, chifukwa amaganiza kuti zimenezi palibe wina angazidziwe kupatula banki. Kenako woimbayo amapempha nambala yachinsinsi kapena kanambala kamene kangofika kumene pa uthenga wa pafoni, ndipo apo ndi pamene ndalama zimapita. Ogwira ntchito ku banki kapena ku kampani yotumiza ndalama pafoni safunsa nambala yachinsinsi ya munthu, ndipo aliyense woifunsa ndi wakuba.

Womasulira sasowa chilichonse mwa zinthu zimenezi. Iye akufuna masiku, mawu ofotokoza zimene zinachitika, ndi kuchuluka kwa ndalama. Choncho kubisa kuchitike pepala lisanajambulidwe. Msungichuma ayale sitetimenti pathebulo, ang'ambe timapepala tochindikala, monga ta chikuto cha kope, n'kuphimba dzina, keyala ndi nambala ya akaunti. Akafuna kuti pambuyo pake anthu azizindikira akaunti imene ikunenedwa, asiye manambala anayi omaliza okha. Ayang'anenso tsamba lililonse, chifukwa nambala ya akaunti imabwerezedwa pamwamba kapena pansi pa masamba otsatira, ndipo ambiri amaphimba tsamba loyamba lokha. Akatero atsike mzere ndi mzere, kuphimba maina ndi manambala a foni a anthu ena. Ngati papepalapo pali siginecha, kapena kabokosi ka timadontho takuda kamene foni imawerenga, nakonso kaphimbidwe, popeza nkhani zimene zili m'kati mwake maso sazionera. Ajambule masana pamalo owala, foni ili chowongoka pamwamba pa pepala, ndipo asanatumize akulitse chithunzicho ndi zala kuti aone ngati manambala akuwerengeka ndiponso ngati kapepala kena sikanasunthe.

Ena amajambula kaye pepala lonse kenako n'kufufuta ndi cholembera cha m'foni. Njira imeneyi ili ndi misampha iwiri. Woyamba ndi wakuti zina mwa zolemberazo zimapaka mtundu wopyapyala, moti munthu akawonjezera kuwala kwa chithunzi, manambala a pansi pake amaonekera. Wachiwiri ndi wakuti chithunzi choyamba, chosafufutidwa chija, chimatsala m'foni, ndipo tsiku lina chimatumizidwa molakwitsa kapena kuonedwa ndi amene wabwereka foniyo. Kapepala koikidwa pamwamba pa nambala kalibe mavuto amenewa, chifukwa chimene kamera sinachione sichingatuluke m'chithunzi.

Pepala likafika kwa womasulira, ntchito yake imayambira pa mitu ya madanga. Pansi pa Date pali masiku, pansi pa Description kapena Details pali kufotokoza, pansi pa Debit pali ndalama zotuluka, pansi pa Credit pali ndalama zolowa, ndipo pansi pa Balance pali zotsala pambuyo pa mzere uliwonse. Liwu limene lasokoneza misonkhano yambiri ndi Credit. Amene anaphunzira kuti liwuli limatanthauza kutenga katundu pangongole amalimasulira kuti “ngongole”, ndipo mudzi umamva kuti komiti yakongola ndalama pamene kwenikweni yasungitsa. Pa sitetimenti ya ku banki, Credit ndi ndalama zimene zalowa mu akaunti. Chimodzimodzinso zilembo Cr pambali pa ndalama zotsala zimasonyeza kuti ndalamazo zilimo, pamene Dr pamalo amenewo zimasonyeza kuti akaunti yapyola malire ndipo mwini wake ndiye ali ndi ngongole ku banki.

Nachi chitsanzo chongoyerekeza cha komiti ya mjigo. Mzere woyamba walembedwa Opening Balance, K185,000.00, ndipo womasulira alembe kuti “ndalama zimene zinalimo poyamba”. Pa 4 Malichi pali Cash Deposit, K60,000.00 pansi pa Credit, kutanthauza kuti zosonkha za mwezi zinasungitsidwa. Pa 12 Malichi pali Cash Withdrawal, K120,000.00 pansi pa Debit, ndalama zimene zinatapidwa kuti zikagule marabala ndi ndodo za mjigo. Kumapeto kwa mwezi kuli mzere wa Service Fee, K2,500.00, nawonso pansi pa Debit, ndipo zimenezi ndi ndalama zimene banki yadula chifukwa chosunga akaunti. Mzere womaliza ndi Closing Balance, K122,500.00.

Womasulira asanabweze ntchito yake, aiyese ndi masamu. K185,000 kuphatikiza K60,000 ndi K245,000. Kuchotsa K120,000 kutsala K125,000, ndipo kuchotsanso K2,500 kutsala K122,500, zofanana ndi zimene banki yalemba. Masamu akakana, ndiye kuti pali mzere umene wadumphidwa, kapena ndalama zaikidwa m'danga lolakwika, kapena nambala ina yawerengedwa molakwika. Mzere umene umadumphidwa kawirikawiri ndi wa ndalama zodulidwa ndi banki, chifukwa ndi waung'ono ndipo mawu ake amalembedwa mwachidule. Koma ukasowa, anthu amawerengera n'kupeza K125,000 pamene papepala pali K122,500, ndipo maso onse amatembenukira kwa msungichuma. Munthu wosalakwa akhoza kutchedwa wakuba pamaso pa mudzi wake chifukwa cha mzere umodzi umene womasulira anaunyoza. Akuluakulu anati kandimverere adakanena za m'maluwa. N'chifukwa chake kumasulira kumayenera kuwerengedwa pamsonkhano pepala lenileni lili m'manja mwa wapampando, kuti wofuna kutsimikiza athe kuona manambala ndi maso ake.

Pali malamulo atatu amene womasulira wabwino amasunga. Loyamba, manambala amakoperedwa momwe alili, osawafupikitsa kapena kuwazungulitsa: K122,500.00 isasanduke “pafupifupi K120,000”. Lachiwiri, pamalo pamene paphimbidwa alembe kuti “nambala yabisidwa” kapena “dzina labisidwa”, kuti owerenga adziwe kuti panali kanthu ndipo kanabisidwa mwadala. Asapemphe kuti amuvundukulire, pokhapokha ngati chophimbacho chabisanso mawu ofotokoza. Lachitatu, nambala ikakhala yosaoneka bwino, monga pamene 3 akufanana ndi 8 kapena 1 ndi 7, asaganizire. Alembe kuti “siikuwerengeka” n'kupempha chithunzi china cha mzere umenewo.

Lamulo lachitatuli ndi lofunika kwambiri pa malisiti. Malisiti otuluka m'makina a m'masitolo ndi a ku banki amasindikizidwa papepala loterera limene zilembo zake zimafufutika likakhala padzuwa kapena m'thumba lotentha. Lisiti la marabala ndi ndodo za mjigo lijambulidwe sabata yomwe yagulidwayo, lisanazilale. Pa lisiti, dzina la sitolo, tsiku, katundu ndi mtengo zisiyidwe poyera, chifukwa ndizo umboni wa komiti. Zoyenera kuphimba ndi manambala a khadi la ku banki ngati analipira ndi khadi, nambala ya foni ya wogula, ndi nambala yozindikiritsa malipirowo. Uthenga wa pafoni wotsimikiza kuti ndalama zatumizidwa umasonyezanso ndalama zotsala za wotumiza, ndipo ambiri amaujambula wonse osazindikira kuti auza gulu lonse zimene ali nazo.

Chithunzi chitumizidwe kwa munthu mmodzi amene komiti yagwirizana, osati ku gulu la pa WhatsApp kumene kuli anthu makumi angapo. Mafoni ambiri amasunga okha chithunzi chilichonse chimene chafika, moti kufufuta uthenga sikutsimikiza kuti chithunzi chachoka m'foni ya wolandira. Ntchito ikatha, womasulira achichotse m'mauthenga ndi m'malo osungira zithunzi, ndipo zimene wawerenga zisakhale nkhani ya pamsika. Madzi akatayika sawoleka. Dziko lino linakhazikitsa lamulo loteteza zinsinsi za anthu m'chaka cha 2024, ndipo maina ndi manambala a foni a anthu amene ali pa sitetimenti ya komiti ndi zinsinsi zawo, osati za msungichuma kuti azigawa.

Njira yophimbayi ili ndi malire ake. Ndi yothandiza pamene cholinga n'kumvetsa pepala kapena kulifotokoza pamsonkhano. Koma ngati sitetimenti ikufunika ngati umboni ku khoti, ku ofesi yowerengera chuma cha khonsolo kapena popempha ngongole, maofesi amenewo amafuna pepala lathunthu lokhala ndi chidindo cha banki. Zikatero msungichuma alinyamule yekha mu envulopu, limodzi ndi mnzake wosainira naye akaunti. Ndipo ngati chithunzi chosaphimbidwa chinatumizidwa kale kwa anthu ambiri, komiti idziwitse nthambi ya banki yake tsiku lomwelo, ichenjeze onse osainira kuti asayankhe mafunso a pafoni okhudza akaunti, ndipo amene ali ndi nambala yachinsinsi aisinthe.

Pamsonkhano wotsatira, msungichuma aliyense abwere ndi sitetimenti ya mwezi watha ndi timapepala tophimbira, kuti makomiti adzayeserere limodzi pepala lisanapite pafoni.